Gitala, intafesi ndi bokosi la DI: mawu amatayikira pati?

Gitala yomwe imalira bwino pa ampu ikhoza kuzilala ikangolumikizidwa pa intafesi ya kompyuta. Mawu amatsika, kuthwa kwake kumasowa, ndipo mukakweza geni kuti imveke, pamabwera kaphokoso kosalekeza koti sss. Woyimba amayamba kukayikira nsambo, wojambula amakayikira chingwe, wina n'kunena kuti intafesiyo ndi yotchipa, pakufunika kugula bokosi la DI. Kawirikawiri onsewa amakhala akuloza kolakwika. Gitalayo yalowera pabowo losayenera, kapena bowolo ndi loyenera koma kabatani kolembedwa INST sikanadinidwe.

Kuti izi zimveke tiyenera kuyambira pa pikapu, kachipangizo kamene kali pansi pa nsambo. Mkati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wa kopa woonda kwambiri, wozungulira pafupifupi ka 8,000 pa pikapu ya Fender Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikagwedezeka pamwamba pa maginitowo, mu wayamo mumabadwa magetsi ochepa, osafika ngakhale volti imodzi pokhapokha mutakhwatcha mwamphamvu. Palibe batire, palibe chokankha. Pikapu ili ngati kasupe wa m'dambo: mukamatunga ndi chikho madzi amakhalabe pamlingo wake, koma mukaikapo pampu amaphwa nthawi yomweyo. Bowo la intafesi ndilo lotunga, ndipo impidansi yake ndi imene imatiuza kuchuluka kwa magetsi amene likukoka. Impidansi ikakhala yaikulu, bowo limakoka pang'ono ndipo pikapu siivutika. Ikakhala yaing'ono, limakoka kwambiri. Imayezedwa m'maohomu, ndipo m'mabuku a zida mudzaona kΩ kutanthauza maohomu 1,000 ndi MΩ kutanthauza maohomu miliyoni imodzi.

Lamulo lomwe amisiri a zokuzira mawu amayendera ndi lakuti cholandira chikhale ndi impidansi yoposa ya chotumiza kakhumi, kapena kupitirira apo. Bowo la mayikolofoni limakhala ndi 1.5 kΩ mpaka 3 kΩ, chifukwa mayikolofoni imatumiza pa maohomu 150 kapena 200 basi. Bowo la LINE, lomwe analikonzera kiyibodi ndi mikisa, nthawi zambiri limayambira pa 10 kΩ kukwera. Koma ampu ya gitala, kuyambira pa ma Fender akale a mavalavu, imalandira pa 1 MΩ, ndipo mapikapu amene timawadziwa anakulira pa mlingo umenewu. Bowo lolembedwa INST kapena Hi-Z pa intafesi limangotsanzira polowera pa ampu.

Apa wina amene ali ndi mita yoyezera magetsi akhoza kutsutsa. Akayeza pikapu ya Stratocaster amapeza pafupifupi 6 kΩ. Ndiye bwanji kufuna miliyoni yathunthu? Yankho ndi lakuti mita imayeza ndi magetsi osagwedezeka, pamene nyimbo ndi magetsi ogwedezeka. Waya wokulungidwa amakana kwambiri magetsi akamagwedezeka mofulumira. Khalidweli limatchedwa indakitansi, limayezedwa m'mahenure, ndipo kukana kwake kumawerengedwa motere:

```
X = 2 × π × f × L
```

Titenge pikapu ya 6 kΩ yokhala ndi mahenure 2.5, zomwe sizili kutali ndi pikapu wamba ya koyilo imodzi. Pa 100 Hz, kufupi ndi nsambo zikuluzikulu, indakitansi ikuwonjezera pafupifupi 1.6 kΩ yokha. Pa 1,000 Hz ikuwonjezera 16 kΩ. Pa 5,000 Hz, komwe kuli kuthwanima kwa nsambo zatsopano ndi kugunda kwa chokhwatchira, yafika pafupifupi 79 kΩ. Pikapu ilibe impidansi imodzi. Imakwera limodzi ndi mawu.

Tsopano lowetsani pikapu imeneyi pabowo la LINE la 10 kΩ. Magetsi amagawanika pakati pa pikapu yeniyeniyo ndi bowolo, molingana ndi kukula kwa impidansi ya chilichonse. Pa 100 Hz bowo likulandira pafupifupi 62 pa 100 alionse a zomwe pikapu yapanga, kutaya kwa 4 dB, komwe mungathe kubwezeretsa ndi geni. Pa 5,000 Hz likulandira 12 pa 100 okha, kutaya kwa 18 dB. Kutsetsereka kumayambira cha pa 1,000 Hz, pakatikati penipeni pa mawu a gitala. Ichi ndicho chifukwa kukweza geni sikuthandiza: mawu sanangochepa, asintha maonekedwe, ndipo geni ikukweza zotsalazo pamodzi ndi phokoso la intafesi. Ena amayesa kukonza ndi EQ atajambula kale. Kuthwa kumabwerera pang'ono, koma sss uja amabwera nako, ndipo pali china chomwe EQ siichipeza mosavuta.

Chinacho ndi kaphiri ka mawu kamene kamapatsa gitala iliyonse liwu lake. Chingwe cha gitala chimasunga timagetsi pakati pa waya wamkati ndi ukonde womukuta, khalidwe lotchedwa kapasitansi, pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse ya chingwe wamba. Kapasitansi ikakumana ndi indakitansi ya pikapu, ziwirizi zimakweza chigawo china cha mawu kenako n'kudula zonse za pamwamba pake. Pa pikapu yathu ija, yomwe nayo ili ndi kapasitansi yake ya pafupifupi 100 pF, chingwe cha mamita 3 chimaika nsonga ya kaphiriko cha pa 5,000 Hz. Cha mamita 6 chimaitsitsira cha pa 3,800 Hz, ndipo cha mamita 10 cha pa 3,000 Hz. Woyimba akanena kuti chingwe chachitali chimamusinthira gitala, sakunama. Kutalika kwa kaphiriko kumadalira zimene zikukoka pa pikapu. Voliyumu ya pa gitala imakoka kale pang'ono, ndipo n'chifukwa chake Fender amaika za 250 kΩ pa mapikapu a koyilo imodzi kuti afewetse kuthwa, pamene Gibson amakonda za 500 kΩ pa mahambaka, omwe amakhala akuda mawu kale. Bowo la 1 MΩ limasiya kaphiriko kali chilili. La 10 kΩ limakafafaniziratu.

Pali njira yachangu yodziwira ngati vuto ndi limeneli popanda kuwerenga buku lililonse. Imbani nsambo imodzi, voliyumu ya pa gitala ili pa 10, kenako ibwezeni pang'onopang'ono. Pabowo loyenera mawu amatsika mwaulemu. Pabowo la impidansi yaing'ono amagwa msanga, mwangopotoza pang'ono, chifukwa mbali ina ya voliyumuyo yaima pakati pa pikapu ndi bowo. Voliyumu ya 250 kΩ ikafika pogawa kukana kwake pakati, pamayenera kutsala theka la mawu. Pabowo la 10 kΩ pamatsala osafika 7 pa 100.

Cholakwika choposa apa ndi chingwe chomwe mbali ina chili ndi jeki, mbali ina XLR. Chimaoneka chanzeru chifukwa chimalowa bwinobwino, koma chimatengera gitala kubowo la mayikolofoni, komwe impidansi ndi ya 2 kΩ kapena kufupi ndi apo. Pikapu yathu ikatero imapereka gawo limodzi mwa magawo anayi ngakhale pa mawu apansi, ndipo kutsetsereka kumayambira cha pa 500 Hz. Komanso magetsi a 48V, omwe amadyetsa mayikolofoni ya kondensa, amadutsa pa XLR pomwepo, ndipo gitala sinapangidwire zimenezo. Pa maintafesi okhala ndi bowo limodzi lolandira zonse ziwiri, monga mitundu ina ya Focusrite Scarlett, chimene mwalowetsa ndicho chimasankha njira: XLR imapita kwa mayikolofoni, jeki imapita ku LINE, ndipo imasanduka ya gitala pokhapokha INST yayaka. Pa Behringer UMC22 bowo la gitala ndi lapadera, lolembedwa INST 2.

Ndiye bokosi la DI limabwera pati? Ntchito yake ndi kulandira gitala pa impidansi yaikulu, n'kuitulutsa pa XLR itatsitsidwa kufika pa mlingo ndi impidansi ya mayikolofoni. Maganizowa ndi akale. M'zaka za m'ma 1960 ku Detroit, katswiri wojambula nyimbo Ed Wolfrum ankapanga mabokosi otere ndi thiransifoma, ndipo ku Motown mumzinda womwewo bezi ya James Jamerson, Fender Precision, inkajambulidwa molunjika osadalira mayikolofoni pa sipika. Nthawi imeneyo mikisa ya mu situdiyo inalibe bowo la gitala, choncho bokosi linali mlatho wokhawo. Lero intafesi ngakhale yaing'ono imabwera ndi mlathowo mkati. Ngati mwakhala pafupi ndi kompyuta, chingwe chanu n'cha mamita atatu, ndipo INST ilipo, bokosi la DI silikuwonjezerani kanthu kofunika ndalama zanu. Ndikunena motsindika chifukwa ambiri amaligula ngati mankhwala a chilichonse, ndipo mtundu wina ukhoza kuipitsa zomwe zinali bwino.

Mitundu ilipo iwiri. Bokosi la pasivu lilibe batire, lili ndi thiransifoma basi: makoyilo awiri osakhudzana, ozungulira chitsulo chimodzi. Ambiri amatsitsa pa mlingo wa 12 kwa 1. Mawu amatuluka atachepa ka 12, pafupifupi 22 dB, zomwe bowo la mayikolofoni limabwezeretsa popanda vuto. Chomwe anthu sachiganizira n'chakuti thiransifoma ilibe impidansi yakeyake yokhazikika. Imatenga ya bowo lomwe mwailumikizako n'kuichulukitsa ka 12 kuchulukitsanso ka 12, ndiye kuti ka 144. Bowo la 1.5 kΩ limaoneka kwa gitala ngati 216 kΩ, la 1 kΩ ngati 144 kΩ. Izi n'zabwino kutalitali kuposa LINE, koma sizikufika pa 1 MΩ. Stratocaster yochotsedwa pa INST n'kuikidwa pa bokosi la pasivu imataya kuthwa pang'ono. Pa bezi ambiri amakukonda kufewa kumeneku, ndipo thiransifoma yabwino ikalandira mawu amphamvu imawaphimba m'mbali mokoma m'malo mowang'amba. Koma kumeneko ndi kusankha liwu, osati kukonza vuto. Thiransifoma yotchipa, yachitsulo chochepa, imayamba kutsamwa pa nsambo zapansi za bezi, makamaka B ya bezi ya nsambo zisanu, yomwe ili cha pa 31 Hz.

Bokosi la akitivu lili ndi kaampu kakang'ono kolandira gitala, kodya batire ya 9V kapena 48V yochokera ku intafesi. Impidansi yake siidalira bowo lomwe lili kutsogolo. BSS AR-133 imalandira pa 1 MΩ, Countryman Type 85 pa 10 MΩ. Koma musaganize kuti dzina la akitivu limatsimikizira miliyoni: Radial J48, bokosi lodziwika bwino, limalandira pa 220 kΩ. Werengani nambala yake musanagule. Malire a bokosi lotere ali pa magetsi omwe likudya. Batire ikayamba kutha, manotsi amphamvu amang'aluka pamene ofewa akumveka bwino, ndipo mukaiwala kuyatsa 48V limangokhala chete, anthu n'kumasinthasintha zingwe zopanda mlandu.

Apa m'pamene pachokera langizo loti chida cha pasivu chipite pa bokosi la akitivu, chida cha akitivu pa bokosi la pasivu. Bezi yokhala ndi batire kumbuyo, monga Music Man StingRay yomwe inatuluka mu 1976, kapena gitala ya mapikapu a EMG, ili kale ndi kaampu mkati. Imatumiza pa impidansi yaing'ono, siisamala kutalika kwa chingwe, ndipo ikhoza kulowa ngakhale pa LINE. Vuto lake ndi lina: imatha kukhala yamphamvu moti pa INST nyali yofiira imayaka geni ili pansi penipeni. Pamenepo dinani PAD, kapena zimitsani INST kuti ilowe ngati LINE.

Mfundo yomweyi imapereka njira yopulumukira kwa amene ali ndi mikisa yopanda bowo la gitala ndipo alibe bokosi. Mapedo a Boss, ngakhale chochunira nsambo cha TU-3, ali ndi bafa yomwe imagwira ntchito ngakhale pedoyo isanapondedwe, bola ili ndi magetsi. Ya TU-3 imalandira pa 1 MΩ n'kutulutsa pa 1 kΩ. Ikani pedo yotere pakati pa gitala ndi LINE, kuthwa kubwerera. Pedo yolembedwa true bypass siithandiza ikazimitsidwa, chifukwa pamenepo ndi waya chabe.

Bokosi la DI limasonyeza phindu lake pamene zinthu zatalikirana kapena zachulukana. Tiyerekeze kuti kwaya ikujambula mu tchalitchi. Wa bezi ali kutsogolo ndi Jazz Bass yopanda batire, akufuna kudzimva pa ampu yake, pamene laputopu ndi intafesi zili kumbuyo, mamita 20 kuchokera pomwe waima. Chingwe cha jeki chotalika chotero chingakhale ndi kapasitansi ya 2,000 pF, chingadye kugunda kwa zala konse, ndipo chingatole phokoso la waya aliyense wa magetsi yemwe chadutsa pafupi naye. Njira yake ndi iyi: chingwe chachifupi kuchoka pa bezi kupita pa INPUT ya bokosi, china chachifupi kuchoka pa THRU kupita ku ampu, ndipo mamita 20 aja ayendedwe ndi XLR. Chingwe cha XLR chimanyamula mawu pa mawaya awiri, ndipo bowo la mayikolofoni limangomva kusiyana kwa awiriwo. Phokoso lolowa panjira limagwera onse mofanana, choncho limafafanizika. Ku intafesi INST ikhale yozimitsa, popeza tsopano tikulowera kwa mayikolofoni, ndipo geni ikwezedwe mpaka manotsi amphamvu kwambiri azifika cha pa -12 dBFS.

Pali kanthu kobisika pa THRU. Pa mabokosi ambiri bowoli langolumikizidwa ndi INPUT mwachindunji, kotero bezi ikudyetsa ziwiri nthawi imodzi. Ampu ya 1 MΩ pamodzi ndi bokosi la pasivu la 216 kΩ zimakhala ngati 178 kΩ. Wa bezi akadandaula kuti ampu yake yasintha liwu chilumikizireni bokosi, akumva zenizeni. Ndi bokosi la akitivu la 1 MΩ ziwirizo zimapanga 500 kΩ, ndipo kusintha kwake n'kochepa.

Zonse zalumikizidwa, kenako m'mahedifoni mukumveka kung'ung'udza kwapansi kosasintha. Magetsi athu a ESCOM amagwedezeka pa 50 Hz, ndipo ndi amenewo, pamodzi ndi ana ake a pa 100 ndi 150 Hz. Ampu yalumikizidwa pa soketi ya kutsogolo, zida za wojambula pa soketi ya kumbuyo, ndipo waya wa nthaka wa masoketi awiriwo sali pamlingo umodzi ndendende. Chingwe cha XLR chawalumikiza, ndipo timagetsi tikuyenda mu ukonde wake. Batani la LIFT kapena GND LIFT limadula pini 1 ya XLR, njira ya timagetsito n'kutsekeka. Apa bokosi la pasivu limapambana, chifukwa mu thiransifoma mawu amawoloka kudzera mu maginito, popanda waya wolumikiza mbali ziwirizo. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuthyola phazi lachitatu la pulagi ya ampu. Phokoso likhoza kutha ndithu, koma nsambo za bezi zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera m'chingwe, ndipo tsiku lomwe waya wa moto adzakhudze chitsulocho, njira yotsala yopita kunthaka idzakhala manja a woyimba.

Si phokoso lililonse lomwe LIFT imachotsa, ndipo kusiyanitsa sikutenga mphindi. Tsitsani voliyumu ya pa bezi mpaka 0. Kung'ung'udza kukapitirira, kukulowera m'zingwe ndi m'masoketi, ndipo bokosi lingathandize. Kukatha, kukulowera pa pikapu. Muuzeni woyimba atembenuke pang'onopang'ono ali chiimire: phokoso likamakwera ndi kutsika, pikapu ya koyilo imodzi ikutola maginito a thiransifoma ya ampu, nyali kapena inveta yomwe ili pafupi. Bokosi lililonse lidzangotumiza phokosolo mokhulupirika. Mankhwala ake ndi kusuntha, kapena pa Jazz Bass kukweza mavoliyumu onse awiri mofanana kuti mapikapu awiriwo afafanizirane phokoso. Kulira kwina kosongoka, kosintha mukagwedeza mbewa ya kompyuta, kumachokera ku laputopu ndi chaja yake. Zulani chaja kuti laputopu iyendere batire, mumve ngati kwatha.

Mabokosi ena ali ndi batani lolola kulandira kuchokera ku bowo la sipika la ampu. Popanda batani lotero musayese, ndipo bowo la sipika lisapite konse ku intafesi, chifukwa kumeneko kumatuluka mavolti makumi angapo. Ngakhale batanilo lilipo, bokosi sililowa m'malo mwa sipika: ampu ya mavalavu yoimbidwa popanda sipika imatha kupsa thiransifoma yake yotulutsira mawu.

Dandaulo lina limabwera kuchokera mbali yosiyana. Munthu wadina INST, zonse zili m'malo, koma akuti gitala ikumveka yowuma, yothwa mopweteka, makamaka akaponda pedo ya disitoshoni. Impidansi ilibe mlandu pamenepa. Sipika ya mainchesi 12 ya mu ampu ya gitala imadula mawu ambiri opitirira 5,000 Hz, ndipo khutu linazolowera gitala yodutsa m'sefa imeneyo. Intafesi siidula kanthu. Chofunika ndi pulogalamu yotsanzira ampu ndi kabati yake, ndipo mapulogalamu otere amayembekezera gitala yolowa ngati ikulowa pa ampu yeniyeni, pa 1 MΩ, kaphiri kaja kali kathunthu. Bezi imapirira kuuma kumeneku kuposa gitala, n'chifukwa chake imajambulidwa molunjika kawirikawiri.

Kujambula liwu lowumali pambali kuli ndi ubwino wina: tsiku lina mukhoza kulitulutsa mu intafesi, kulibwezera mu ampu yeniyeni n'kulijambulanso ndi mayikolofoni, woyimba ali kwawo. Pamenepo pamafunika bokosi loyenda chobwerera, la riampu, lotsitsa mawu amphamvu a LINE kufika pa mlingo wa gitala. Ena amatembenuza bokosi la pasivu kuti ligwire ntchitoyi, ndipo zimatheka, koma kumbukirani kuti thiransifoma yotembenuzidwa imakweza ka 12 m'malo motsitsa. Yambani voliyumu ya intafesi ili pansi kwambiri, apo ayi ampu ilandira mawu ong'aluka asanafike n'komwe pa valavu yoyamba.